Bolopeni yofiira ya asekulu ndi malamulo awiri a Chingerezi

Kwathu ndi kummwera kwa boma la Mzimba, m'mbali mwa msewu wochoka pa Jenda kupita ku Embangweni. Ndinakulira m'manja mwa agogo anga aamuna, amene kwathuko timawatchula kuti asekulu. Iwowa anaphunzira m'sukulu za mishoni dziko lino lisanalandire ufulu mu 1964, ndipo anagwira ntchito yauphunzitsi mpaka kupuma. Anthu a m'mudzi mwathu akafuna kulemba kalata ya Chingerezi, kaya yofunsira ntchito, kaya yopita kwa bwana wa mwana wawo ku Joni, amabwera nayo pakhonde pa asekulu. Iwo amavala magalasi, n'kusolola bolopeni yofiira m'thumba la malaya, ndipo kalatayo imabwerera kwa mwini wake itafiira ngati yadutsa pophera mbuzi.

Mwa malamulo onse amene anandiphunzitsa, awiri ndiwo ankawanena mokweza mawu. Loyamba linali lakuti chiganizo cha Chingerezi chisamathere ndi mperekezi, monga “with”, “for” kapena “in”. Lachiwiri linali lakuti pakati pa “to” ndi mneni wake pasamalowe liwu lina lililonse, chifukwa kutero n'kung'amba infinitivi. Ndili ku sekondale sindinakayikepo malamulowa. Ndinkawagwiritsa ntchito ponyoza anzanga, ndipo ndinkadziona ngati Mngerezi wa ku Jenda. Nkhani ya malata a sukulu ndiyo inandichititsa kufunsa ngati ziganizo zoterezi zilidi zolakwika.

Pa tchuti chatha asekulu anandiitana kuti ndiwathandize kulemba lipoti. Iwo ndi mlembi wa komiti ya sukulu ya pulayimale ya kwathu. Bungwe lina lachifundo linapereka malata 60 ofolerera buloko ya makalasi awiri imene makolo anaumbira njerwa. Malatawo anakwanira kalasi imodzi ndi theka la inayo, n'kutha. Bungwelo linkafuna kudziwa mmene ntchito yayendera lisanaganize zowonjezera thandizo. Tinakhala pakhonde, iwo akunena m'Chitumbuka, ine ndikulemba m'Chingerezi. Pofotokoza za denga ndinalemba kuti: “We failed to completely roof the block.” Ndinkatanthauza kuti tinafolera ndithu, koma sitinamalize.

Asekulu atawerenga anagwedeza mutu. “Iwe mzukulu, ku yunivesiteko akukuphunzitsani chiyani? Wang'amba infinitivi.” Anazunguliza liwu lakuti “completely” ndi bolopeni ija, n'kulikokera kumbuyo kwa “to”. Chiganizo chinakhala chotere: “We failed completely to roof the block.” Lamulo lawo linasungidwa, koma mtima wanga unagunda. Chiganizo chatsopanocho chinkanena kuti talephereratu, kuti palibe lata ndi limodzi lomwe limene lakwera padenga. Munthu wa ku bungwe lija akanawerenga zimenezi akanafunsa funso limodzi lokha: nanga malata 60 aja apita kuti? Dzina limene likanadetsedwa ndi la mlembi amene anasayinira malatawo, ndiye asekulu omwewo.

Chimene chinachitika n'chakuti muonjezi amakonda kumamatira mneni amene wayandikana naye. M'chiganizo changa “completely” anali pafupi ndi “roof”, choncho ankafotokoza za kufolera. Atamusamutsa anakhala pafupi ndi “failed”, n'kuyamba kufotokoza za kulephera. M'Chichewa kusiyana kwake n'komwe kuli pakati pa “talephera kufolera yonse” ndi “talephereratu kufolera”. Ndinawafotokozera zimenezi pang'onopang'ono, maso ndili pansi, chifukwa kwathu mwana sawongolera wamkulu ngati akuwongolera mnzake. Iwo anakhala chete kanthawi, kenaka anati, “Tanthauzo ndalimva. Koma cholakwika n'cholakwika basi.” Usiku umenewo ndinagona ndi funso lakuti: kodi tikamati chiganizo n'cholakwika timatanthauza chiyani?

Yankho lake ndinalipeza m'chiyankhulo chathu chomwe. Tayesani kunena chiganizo ichi: “Uyu ndi munthu amene ndinapita ndi.” Mwana wa zaka zisanu akhoza kukusekani. Palibe mphunzitsi amene anamuuzapo kuti “ndi” asamatsalire kumapeto, palibe buku limene anawerenga, koma khutu lake likukana. Aliyense amanena kuti “munthu amene ndinapita naye”, ndipo m'Chitumbuka timati “munthu uyo nkhaluta nayo”. M'ziyankhulo ziwirizi mperekezi sakhala yekha. Dzina lake likasamukira kumayambiriro kwa chiganizo, pamalo pake pamatsala mlowam'malo, monga “-ye” wa mu “naye”. N'chimodzimodzi tikamati “nyumba imene ndinabadwiramo” kapena “mpando umene ndinakhalapo”. Ili ndilo lamulo lenileni la galamala. Silifuna mkwapulo, chifukwa palibe mwini chiyankhulo amene amalakalaka kuliphwanya.

Tsopano tiyese Chingerezi ndi muyeso womwewu. Mwana wa ku England amanena kuti “the man I went with” osaphunzitsidwa ndi munthu, ndipo makolo ake sadabwa. Amafunsa kuti “What are you looking for?” tsiku ndi tsiku. Akamva wina akuti “For what are you looking?” amamva bwinobwino, koma amaona ngati munthuyo akuyankhula m'bwalo la milandu. Apa zinthu zatembenuka. Chimene lamulo la asekulu limaletsa ndicho chimene eni chiyankhulo amanena mwachibadwa, ndipo chimene limalamula ndicho chimene amachita kuphunzira kusukulu.

Pali malo ena amene lamulolo silingatsatidwe n'komwe. Taonani chiganizo chakuti “The children were well looked after.” Mperekezi “after” alibe kwina kopita. Mukamuchotsa tanthauzo lafa, mukamuika patsogolo chiganizo chasanduka phala. Taonaninso “the house that I was born in”. Mukhoza kunena kuti “the house in which I was born”, koma simunganene kuti “the house in that I was born”, chifukwa “that” wotereyu salola mperekezi kumutsogolera. Chiganizo chomalizachi ndicho cholakwika zenizeni, chofanana ndi “munthu amene ndinapita ndi” uja, ndipo chodabwitsa n'chakuti munthu amafika pamenepo pofuna kumvera lamulo.

Izi sizikutanthauza kuti mperekezi aliyense akhoza kutsala kumapeto nthawi ina iliyonse. Eni chiyankhulo amanena kuti “the manner in which he spoke”, ndipo “the manner which he spoke in” imawamvekera yopunduka. Funso lakuti “Which lesson did you sleep during?” nalonso ambiri limawakwiyitsa m'khutu. Choncho malire alipo, ndipo amadalira mtundu wa mperekezi ndi ntchito imene akugwira m'chiganizomo. Mperekezi amene wagwirana kwambiri ndi mneni, monga mu “look for” kapena “depend on”, amatsala mosavuta. Amene akunena za nthawi kapena za kachitidwe ka chinthu amavuta kumusiya. Malire enieniwa ndi ocholowana kuposa lamulo la mzere umodzi lija, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ife tinaloweza lamulo labodza m'malo mophunzira malire oonawa.

Pa nkhani ya infinitivi, Chichewa chinandithandizanso. Ife timati “kuchapa”, ndipo “ku-” ameneyu ndi mphatikiri, gawo la liwu lomwelo. Pakati pa iye ndi tsinde pamatha kulowa aphatikiri anzake, monga mu “kusachapa”, “kukachapa”, “kungochapa” ndi “kuzichapa”. Koma liwu loima palokha silingalowepo. Palibe amene anganene kuti “ku bwino chapa”. Anthu ambiri amaganiza kuti “to” wa Chingerezi ali ngati “ku-” wathuyu, koma pali njira ziwiri zoonetsera kuti sizili choncho.

Njira yoyamba ndi iyi. Mngerezi akafunsidwa ngati akufuna kupita, amatha kuyankha kuti “I want to”, n'kuthera pomwepo. Ife sitinganene kuti “Ndikufuna ku”. Njira yachiwiri ndi yakuti Mngerezi amati “to wash and iron”, “to” mmodzi akutumikira aneni awiri. Ife timati “kuchapa ndi kusita”, ndipo “kuchapa ndi sita” n'kosatheka. Zimenezi zikuonetsa kuti “to” ndi liwu loima palokha, pomwe “ku-” ndi chiwalo cha mneni. Ngati “to” ndi mneni wake ali mawu awiri, ndiye kuti palibe chimene chang'ambidwa muonjezi akakhala pakati pawo, monga momwe palibe chimene chimang'ambika mu “will completely roof”. Dzina lenileni lakuti kung'amba infinitivi ndilo limatinamiza.

Palinso ziganizo zimene sizingakonzedwe posuntha mawu. M'lipoti lomwe lija tinkafuna kunena kuti tikuopa kuti mtengo wa ntchito yotsalayo upitirira kuwirikiza kawiri tikachedwa. Chingerezi chake ndi “We expect the cost to more than double.” Tayesani kuika “more than” kumbuyo kwa “to”, kapena kutsogolo kwa “double”. Zonse ziwiri zimatulutsa chinthu chimene palibe munthu angachinene. Wofuna kuthawa ayenera kugwetsa chiganizo chonse n'kumanga china.

Nanga malamulowa anachokera kuti? Nditabwerera ku koleji ndinakafufuza mbiri yake. La mperekezi limalumikizidwa kwambiri ndi mlakatuli John Dryden, amene mu 1672 anadzudzula Ben Jonson, mlembi wa masewero amene anali atamwalira kale, chifukwa chothera mzere ndi mperekezi. Dryden ankalemekeza Chilatini kwambiri, moti anavomera yekha kuti nthawi zina ankayesa Chingerezi chake pochitembenuzira m'Chilatini. M'Chilatinimo mperekezi satsala yekha kumapeto, monganso m'Chichewa. Patsogolo pake Dryden anabwerera ku zolemba zake zomwe n'kukonza ziganizo zimene zinkathera ndi mperekezi. Kunena mwachidule, munthu mmodzi wotchuka anayeza chiyankhulo chake ndi muyeso wa chiyankhulo china.

Mu 1762 Robert Lowth, amene pambuyo pake anadzakhala bishopu wa London, anatulutsa buku lotchedwa A Short Introduction to English Grammar. Anthu ambiri amamunena kuti ndiye analetsa mperekezi wa kumapeto, koma iye sanaletse. Anavomereza kuti Chingerezi chimakonda kachitidwe kameneka ndipo n'koyenera pocheza ndi m'zolemba wamba, kungoti m'zolemba zaulemu waukulu n'kokoma kuika mperekezi patsogolo. Amenewa anali malangizo a kalembedwe. Mabuku a sukulu amene anabwera pambuyo pake ndiwo anawaumitsa n'kuwasandutsa lamulo, mwina chifukwa lamulo lalifupi n'losavuta kuphunzitsa ndiponso kuchonga.

Lamulo la infinitivi ndi laling'ono msinkhu kuposa linzakelo. Ziganizo zoika liwu pakati pa “to” ndi mneni zimapezeka m'Chingerezi kuyambira m'zaka za m'ma 1200. Zinasowa kwa nthawi, kenaka n'kuchulukanso m'zaka za m'ma 1800, ndipo apa m'pamene anthu anayamba kuzidandaula. Amene anatchukitsa dandauloli ndi Henry Alford, mkulu wa tchalitchi cha Canterbury, m'buku lake la mu 1864 lotchedwa The Queen's English. Kawirikawiri timamva kuti lamuloli nalonso linachokera ku Chilatini, kumene infinitivi ndi liwu limodzi ngati m'Chichewa. Koma Alford sanatsamire pa Chilatini. Iye ankangoona kuti kalembedweko n'kachilendo ndipo sikamene anthu anazolowera.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti akatswiri a ku England komweko anakana malamulowa asekulu asanabadwe. Mu 1926 H. W. Fowler, m'buku lake lotchedwa A Dictionary of Modern English Usage, ananena kuti lamulo la mperekezi ndi chikhulupiriro chopanda maziko, ndiponso kuti kung'amba infinitivi n'kwabwino kusiyana ndi kulemba chiganizo chosamveka kapena cha matanthauzo awiri. Galamala yaikulu ya masiku ano, The Cambridge Grammar of the English Language ya Rodney Huddleston ndi Geoffrey Pullum, imene inatuluka mu 2002, imaika mitundu iwiri yonseyi m'gulu la Chingerezi chovomerezeka. Koma malamulowo anali atawoloka kale nyanja m'mabuku a sukulu, ndipo atafika kuno anamera mizu yozama kuposa kwawo.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Asekulu sanayamwe Chingerezi, anachiphunzira pa bolodi. Analibe khutu la mwini chiyankhulo loti liwauze kuti apa buku lanama. Chimene mphunzitsi wanena chinali chomwecho, ndipo kulakwitsa kunali ndi malipiro ake: chikwapu m'kalasi, kulephera mayeso, kusowa ntchito yaukalaliki. Kwa m'badwo wawo Chingerezi cha m'buku chinali chiphaso chotulukira m'munda wa chimanga. Munthu amene wawoloka mtsinje pa mlatho wina sangakondwe mwana akamamuuza kuti matabwa ena a mlathowo anali osafunika. Atandifunsa kuti, “Ndiye ukuti aphunzitsi anga ankanama?” ndinayankha kuti, “Iyayi asekulu, sankanama. Anakupatsani chimene iwonso analandira.”

Pali choopsa china chimene ndinachiona kwa msuweni wanga amene akukonzekera mayeso a Fomu 4. Iye amalemba kuti “the man I went with him”. Apa watenga “naye” wa Chichewa, kapena “nayo” wa Chitumbuka, n'kumuveka zovala za Chingerezi. M'Chingerezi chovomerezeka chiganizo chimenechi n'cholakwika ndithu, ndipo mankhwala ake ndi kuchotsa “him” kuti “with” atsale yekha kumapeto. Koma mwana amene waopsezedwa kuti mperekezi asamathere chiganizo sangayerekeze kutero. Lamulo labodza lija limamutsekera khomo lotulukira m'cholakwika chenicheni. Ichi ndicho chimene ndikanakonda kuti ife amene tidzaphunzitse ziyankhulo tichiganizire, chifukwa ana athu amabwera m'kalasi ndi galamala ya kwawo imene imawakokera kale kutali ndi mperekezi wotsala yekha.

Tibwerere ku lipoti la malata. Sindinapambane, ndipo asekulu sanagonje. Tinapeza njira yachitatu, n'kulemba kuti: “We failed to roof the block completely.” Muonjezi anapita kumapeto, infinitivi sinang'ambike, ndipo pofuna kutseka pakamwa pa aliyense tinawonjezera chiganizo chonena kuti kalasi imodzi ndi theka zafoleredwa. Chiganizo cha mtengo chija tinachimanganso mwa njira ina. Ndinavomera zimenezi ndi mtima wonse, chifukwa wolemba ayenera kudziwa amene akumulembera. Ngati wowerenga kalata yanu yofunsira ntchito ndi munthu wa bolopeni yofiira, ndipo kusuntha liwu sikukuwononga kanthu, lisuntheni. Kumeneko n'kusankha kalembedwe, monga munthu amasankhira jekete popita ku ukwati. Koma kusunthako kukasintha tanthauzo, monga zinachitikira ndi malata athu, tanthauzo ndilo liyenera kutsogola, popeza amene adzawerenge lipoti adzafunsa za malata, osati za infinitivi.

M'mawa mwake tinakwera minibasi pa Jenda kupita ku Mzimba boma kukatayipitsa lipotilo. Titafika pa kashopu kotayipira tinapeza magetsi atazima. Tinakhala pabenchi pafupifupi ola lathunthu. Magetsi atayaka, mtsikana wotayipa anapitiriza kucheza pafoni ngati sakutiona. Asekulu, amene akakwiya amathawira ku Chingerezi, anaimirira n'kugogoda ndodo pansi: “Young lady, what are we waiting for?”

Ine ndinangoti duu, kuyang'ana nsapato zanga. Mtsikana uja anayamba kutayipa msangamsanga. Patapita kanthawi ndinamva asekulu akuseka chapansipansi. Anandigunda ndi chigongono n'kunong'ona kuti, “Wamva eti? Usakanene kumudzi.”

Bolopeni yofiira ija akadali nayo, ndipo makalata a m'mudzi akupitirizabe kufiira. Sindikuyembekeza kuti adzasiya malamulo amene awasunga kwa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Koma tsiku lobwerera ku koleji, ndikutsanzika, anandipatsa kalata ina yoti ndiione ndisananyamuke. Pa chiganizo china anali atazunguliza muonjezi, n'kujambula muvi womusamutsa, kenaka n'kuufufuta muviwo. M'mbali mwake analemba ndi zilembo zing'onozing'ono kuti: “Mzukulu, apa tanthauzo likuti bwanji?”